Mwana akadwala sabata ya mayeso, ahedi tiwalembere chiyani?

Makalata ambiri amene makolo amalembera aphunzitsi aakulu mwana akaphonya mayeso amakhala aulemu kwambiri, koma sathandiza mwanayo. Amayamba ndi kufunsa za moyo wa ahedi ndi banja lawo, kenako kuthokoza Mulungu, kenako chiganizo chimodzi chakuti "mwanayu anadwala kwambiri", ndipo amatha ndi mawu akuti "chonde mumuganizire". Ahedi akapinda kalatayo amakhala asanadziwe kuti mwanayo anadwala liti, anaphonya mapepala ati, ndiponso kuti kholo likufuna kuti iwo achite chiyani. Ndiye amaiika mu dilowa, mphunzitsi wa kalasi nkusiya mpata wopanda malikisi pa dzina la mwanayo, sukulu nkutsekera.

Ulemu ine sindikutsutsana nawo. Kwathu kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi munthu sungangofika pa munthu wamkulu nkuyamba ndi dandaulo usanapereke moni. Koma taganizirani amene akuwerenga kalatayo. Sabata yotsekera, ahedi amakhala ndi aphunzitsi amene akuchonga milu ya mapepala, makalasi a ana ochuluka zedi, ndi malipoti oti atumize kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni. Komanso amadziwa bwino kuti si mwana aliyense wojomba mayeso amene anadwaladi. Wina anapita kukasoka fodya, wina anatumidwa kumsika wa pa Mponela, wina anangoopa masamu. Onsewa makolo awo amabwera ndi mawu amodzimodzi akuti "anadwala". Ntchito ya kalata yanu ndi kusiyanitsa mwana wanu ndi enawo, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi masiku.

Tiyeni titenge chitsanzo. Mtsikana wa Sitandade 7, wa m'mudzi wina wa m'mapiri a kum'mawa kwa boma la Ntchisi, cha kwa Nthondo uko kumene dziko limayamba kutsetsereka kulowera ku Nkhotakota. Mayeso a teremu yachiwiri akuyamba Lolemba pa 17 Malichi, atha Lachisanu pa 21. Loweruka usiku mwanayo wayamba kutentha thupi ndi kumva mutu. Lamulungu amayi ake amugulira panado pa okala. Lolemba sakutha kudzuka, koma mvula yagwa usiku wonse, mtsinje wadzaza, ndipo wakabaza wakana kutsika chitunda choterera. Afika kuchipatala Lachiwiri pa 18. Amubaya chala, amupeza ndi malungo, amupatsa LA. Mankhwalawa, amene dziko lino linayamba kuwagwiritsa ntchito m'chaka cha 2007 m'malo mwa fansida, amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Mwanayo ndiye kuti amaliza Lachinayi usiku, kapena Lachisanu m'mawa ngati anayamba mochedwa. Lachisanu akadali wofooka, akaimirira akumva chizungulire. Abwerera kusukulu Lolemba pa 24, anzake atamaliza mapepala onse.

Tsopano onani chimene buku la kuchipatala likunena. Lili ndi deti imodzi yokha: 18 Malichi. Silikunena kanthu za Lolemba, pamene mwanayo anaphonya pepala loyamba asanaonane ndi adokotala. Silikunenanso za Lachisanu. Mphunzitsi aliyense m'dziko muno amadziwa kuti LA ndi wa masiku atatu, chifukwa naye anamwapo, ndipo mumtima amawerengera: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Nanga masiku awiri enawo mwanayu anali kuti? Kalata yabwino imayankha funso limeneli lisanafunsidwe. Nayi mmene ingakhalire, mukachotsa makeyala awiri a pamwamba, yanu ndi ya sukulu:

24 Malichi

Wokondedwa Mphunzitsi Wamkulu,

KULEPHERA KULEMBA MAYESO CHIFUKWA CHA MATENDA

Ine ndine mayi wa Uje, wa Sitandade 7 B. Mwanayu sanalembe mayeso onse a teremu ino, kuyambira Lolemba pa 17 mpaka Lachisanu pa 21 Malichi. Anayamba kudwala Loweruka pa 15 usiku. Lolemba sitinathe kupita naye kuchipatala chifukwa mtsinje unadzaza, koma tinatuma mnzake wa kalasi yomweyo kuti adziwitse aphunzitsi ake. Lachiwiri pa 18 tinafika naye kuchipatala, kumene anamupeza ndi malungo nkumupatsa mankhwala a masiku atatu. Lachisanu anali asanapeze mphamvu zoyendera mpaka kusukulu. Buku la kuchipatala ndabwera nalo kuti muone tsamba la tsikulo.

Ndikupempha kuti mumulole alembe mayesowa sukulu isanatsekere. Ngati sizitheka, ndikupempha kuti pa lipoti lake palembedwe kuti anadwala, pasalembedwe kuti walephera.

Ine wanu,
mayi a Uje

Pansi pake dzina lanu lonse, mudzi, mfumu yaikulu, ndi nambala ya foni ngati ilipo, ngakhale ya mnansi. Kalata yonseyi ikukwana tsamba limodzi la kope. Chichewa chomwechi ndi chokwanira. Ena amavutika kufunafuna mnyamata wa Fomu 4 woti awalembere m'Chingerezi poganiza kuti ahedi ailemekeza, mapeto ake kalata imadzaza mawu akuluakulu koma masiku atasokonezeka, chifukwa wolembayo kunyumbako kunalibe.

Ndime yachiwiri ija, ya pempho, ndi imene makolo ambiri amaisiya, pamene ndi imene ikanawapindulira. "Mumuganizire" si pempho loti munthu angaliyankhe kuti inde kapena ayi. Pa mayeso a pa teremu, amene amakonzedwa ndi aphunzitsi a pasukulu pomwepo, ahedi ali ndi njira zingapo m'manja mwawo. Atha kuuza mphunzitsi wa kalasi kuti amulembetse mwanayo payekha mu ofesi. Atha kuuza aphunzitsi kuti ayang'ane malikisi a timayeso ta mkati mwa teremu ndi a materemu apitawo. Atha kungolemba pa lipoti chifukwa chimene mwanayo alibe malikisi. Njira yoyamba ili ndi vuto lake limene tiyenera kulivomereza: mafunso aja anzake anawaona kale, mwina anali olembedwa pabolodi nkufufutidwa, ndipo mwana wanu wamva zonse panjira yopita kumjigo. Mphunzitsi akakana kumupatsa pepala lomwelo sikuti ndi nkhanza. Kukonza mafunso ena a maphunziro asanu ndi limodzi chifukwa cha mwana mmodzi, sabata yotsekera, ndi ntchito yolemetsa. Nchifukwa chake kalata ija ili ndi pempho lachiwiri. Mukapempha chimodzi chokha nkukanidwa, mumabwerera chimanjamanja.

Pa teremu yachiwiri, kunena zoona, chimene mwana amataya ndi nambala yake m'kalasi ndi chimwemwe cha tsiku lotsekera. Nkhani imakula mu Julaye. Mayeso a teremu yachitatu ndi amene m'sukulu zambiri amagamula zoti mwana apite kalasi ya patsogolo kapena abwereze. Imeneyonso ndi nyengo imene mphepo ya m'mapiri muno imaluma, ana amapita kusukulu m'nkhungu opanda juzi, ndipo chifuwa ndi chibayo zimagwetsa ambiri. Mwana wophonya mayeso amenewa popanda kalata, dzina lake limangotsala m'kaundula wa kalasi yakale. Makolo amadzazindikira mu Seputembala, sukulu itatsegulira, mwana atabwera akulira kuti amubweza. Nthawi imeneyo mphunzitsi amene ankamudziwa mwina wasinthidwa kalasi kapena wasamutsidwa, ndipo palibe wokumbukira kuti mwanayu ankakhoza. Choncho kalata ya mu Julaye inene poyera kuti: "Ndikupempha kuti apite Sitandade 8 potengera mmene anakhozera teremu yoyamba ndi yachiwiri." Ndipo mutenge malipoti awiriwo popita. Ngati mwanayo ankalephera kale materemu awiri onsewo, musadzivute, kalata siingamukweze, ndipo mwina kubwereza kumuthandiza. Koma kwa mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi amene amakhoza, chaka chobwereza popanda chifukwa ndi chaka chimene a kwawo ena amayamba kunena kuti wakula, sukulu yamukanika.

Za umboni. Buku la kuchipatala ndilo umboni weniweni wa munthu wa kumudzi, koma lisamalidwe. Musalipereke kwa mwana kuti akalisiye ku ofesi. Choyamba, likatayika mwataya mbiri yonse ya matenda ake. Chachiwiri, m'bukumo mumakhala zinthu zina zimene sukulu siyenera kuziona: mwina mwanayo amalandira mankhwala otalikitsa moyo, mwina anadwalapo matenda amene banja silifuna kuti amveke. Pitani nalo nokha, tsegulani tsamba la deti yofunikayo, ahedi aone, mubwerere nalo. Ndipo ngati matendawo ndi oti simufuna kuwatchula m'kalata, musawatchule. Mawu akuti "anagonekedwa m'chipatala kuyambira pa 18 mpaka pa 22" ndi okwanira. Kalata imadutsa m'manja ambiri, ndipo pasukulu ya kumudzi nkhani ya mu ofesi sichedwa kufika kuchigayo.

Ndikupemphaninso chinthu chimodzi chimene chimatenga mphindi imodzi koma anthu amachita nacho manyazi. Muli m'chipinda cha adokotala, nenani kuti mwanayu ali pa mayeso, ndipo muwapemphe kuti alembe m'bukumo masiku amene ayenera kupuma. Mzere wa odwala panja ndi wautali, adokotala ali pa liwiro, koma mzere umodzi wa cholembera chawo umatseka mpata wa Lachisanu uja. Mukapita ku zipatala za mishoni zolipira, monga Madisi kapena Mtengowanthenga, sungani lisiti, chifukwa nalo limakhala ndi deti. Mwana akagonekedwa pachipatala chachikulu cha pa boma, pa Dowa kapena pa Ntchisi, onetsetsani potuluka kuti tsiku lolowa ndi lotuluka onse alembedwa.

Nanga amene sanapite kuchipatala nkomwe? Alipo ambiri, ndipo si onse osasamala. Chipatala chili kutali, ndalama ya njinga yamoto palibe, mwana anamwa mankhwala a pa golosale nkupeza bwino. Ena anapita kwa asing'anga kapena ku mapemphero. Apa mpamene anthu amayesedwa kuti apeze wina wowalembera m'buku deti yabodza nkudindapo chidindo. Musatero. Aphunzitsi ndi azachipatala a m'dera limodzi amadziwana, amapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo bodza likaululika mwana wanu sadzakhulupiriridwanso tsiku limene adzadwale zenizeni. Lembani zimene zinachitika: anadwala kuyambira tsiku lakuti, sitinathe kufika kuchipatala pa chifukwa chakuti, amene anamuona ali gone ndi awa. Mboniyo ikhale munthu amene sukulu ikumudziwa, monga membala wa komiti ya sukulu, mmodzi wa amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulupo, nyakwawa, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Mlangiziyo kachipatala kake ka m'mudzi ndi ka ana osapitirira zaka zisanu, choncho mwana wa sukulu sangamupatse mankhwala, koma atha kuchitira umboni kuti anamuona. Umboni wotere ndi wopepuka poyerekeza ndi buku, ndipo ahedi ali ndi ufulu woukayikira. Komabe umaposa kungokhala chete.

Ndipo chimene chimalemera kuposa zonsezi ndi uthenga wa tsiku loyamba. M'kalata ija muli chiganizo chakuti "tinatuma mnzake kuti adziwitse aphunzitsi ake". Chiganizo chimenecho ahedi atha kuchitsimikiza pongoitana mphunzitsi wa kalasi. Kholo limene linatumiza mawu Lolemba m'mawa, mayeso asanayambe, silingaganiziridwe kuti lapeka nkhani litaona kuti zinthu zavuta. Kapepala ka mizere iwiri kopatsira mwana wa mnansi, kapena kuimba foni kwa mphunzitsi aliyense amene muli ndi nambala yake, nkokwanira. Kalata yeniyeni itsatire mwana akangodzuka, ndipo ibwere ndi munthu wamkulu. Ngati simutha kulemba, mwana wa Sitandade 7 kapena 8 anaphunzira kale kalembedwe ka kalata yantchito m'phunziro la Chichewa ndipo atha kukulemberani, koma akuwerengereni mokweza, musainire kapena kudinda chala, ndipo mukaipereke nokha. Kalata yolembedwa ndi dzanja la mwana, yobwera ndi mwana yemweyo, yonena kuti mwanayo anadwala, mphunzitsi aliyense amaiseka. Agogo kapena amalume amene akulera mwana anene m'chiganizo choyamba kuti iwo ndi ndani kwa mwanayo, poti dzina lawo lingasiyane ndi limene lili m'kaundula.

Zonse ndanenazi ndi za mayeso amene mwini wake ndi sukulu. Mayeso a Maneb ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pamene makolo amapwetekera, chifukwa amaganiza kuti ahedi amene anawamvera chisoni mu Malichi awamveranso chisoni pa mayeso a boma. Bungwe la Maneb, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba, ndilo limakonza mayeso a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4. Pepala lililonse limalembedwa tsiku limodzi, ola limodzi, dziko lonse. Mwana wa ku Mvera ndi wa ku Malomo amatsegula pepala nthawi yofanana ndi wa ku Nsanje. Envulopu imatsegulidwa pamaso pa ana, mayankho amamatidwa nkutengedwa, ndipo amene akuyang'anira amakhala ochokera ku sukulu zina. Ahedi alibe pepala lotsala mu kabati loti angamulembetse mwana wanu mawa lake. Madzi akatayika saoleka.

Mayeso a Sitandade 8 amatha m'masiku atatu okha, mapepala asanu ndi limodzi. Malungo amene tafotokoza aja atha kuwameza onse. Ngakhale mwana ataphonya tsiku limodzi lokha, malo a ku sekondale amapita kwa amene malikisi awo onse pamodzi ndi okwera, ndiye mwayi wopita ku sukulu ngati Robert Blake ku Kongwe, ngakhale ku sekondale yoyendera ya pafupi, umakhala utachepa kwambiri. Ku Fomu 4, wophonya Chingerezi satifiketi sangaione, ngakhale atakhoza bwanji maphunziro enawo.

Ndiye pa mayeso amenewa chofunika si kalata yokongola ya sabata yotsatira, koma munthu wothamanga m'mawa womwewo. Wina apite ndi mwana kuchipatala, wina apite ku malo olembera mayeso akauze ahedi ndi wamkulu wa oyang'anira mayeso pepala lisanatsegulidwe. Zimachitika kuti mwana wodwala koma wotha kugwira cholembera amakonzeredwa malo apadera, ngakhale kulembera kuchipatala woyang'anira ali pambali. Zimenezi amagamula ndi oyang'anira mayeso, osati kholo, ndipo sizingakonzedwe pepala litatha. Koma tisapitirire malire. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, kapena sakutha kukhala tsonga, malo ake ndi kuchipatala. Ndamvapo makolo akunyadira kuti anamunyamula mwana pa njinga kupita naye ku mayeso thupi lili moto. Malungo akafika mu ubongo amapha msanga, pamene mayeso amabweranso chaka chamawa.

Kodi ndiye kuti mwana akaphonya mayeso a Maneb kalata ilibenso ntchito? Ilipo, koma pempho lake limasintha. Simukupemphanso kuti alembe. Mukupempha kuti sukulu imusungire malo obwereza, ndiponso kuti dzina lake lidzalowe m'gulu la olembetsa mayeso a chaka chotsatira. Makalasi a mayeso amakhala odzaza, ndipo sukulu zina sizikonda obwereza ambiri. Kalata yokhala ndi masiku ndi umboni imaonetsa kuti uyu sanalephere, sanalembe, ndipo ahedi akafunsidwa ndi akuluakulu awo chifukwa chimene mwana wolembetsa sanaonekere m'chipinda cha mayeso, amakhala ndi pepala loonetsa. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi musiye ku ofesi, inayo ahedi asainepo ndi kulembapo deti, mubwerere nayo kunyumba. Si kuwakayikira ayi. Aphunzitsi aakulu amasamutsidwa pa tchuthi chachikulu, ndipo wobwera kumene sadziwa lonjezo la pakamwa la mnzake.

Ahedi akakana pempho limene inu mukuona kuti ndi lomveka, njira yake ndi komiti ya sukulu, kenako mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, musanaganize zokwera galimoto kupita ku ofesi ya maphunziro pa boma. Kumeneko adzakufunsani zinthu zomwe zija: anadwala liti, munadziwitsa ndani, muli ndi pepala lanji. Ndipo kumbukirani kuti kulembetsa mayeso a Maneb kumachitika miyezi yambiri mayeso asanafike, chaka cha sukulu chikangoyamba kumene. Mwana wobwereza akabwerera m'kalasi mu Seputembala, pitani mukafunse tsiku limene kulembetsa kutsekedwe, ndipo mayina akatuluka mukaone ndi maso anu kuti lake lilipo ndiponso kuti lalembedwa molondola.